Mwini Dziko pa Sikelo ya Lameki

Mu Ufumu wa Mbiriyokha zinthu zinkatha chimodzichimodzi ngati mano a nkhalamba, koma mkangano wokha sunkatha. Shuga anasowa, mankhwala anasowa, mabasi anagona pa miyala mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo, koma munthu akafika pa Msika wa Tilipobe masana alionse ankapeza amuna andevu zawo, ena ovala mataye, misempha ya m'khosi itatupa pa funso limodzi: Rendaro ndi Mokuzen, wamphamvu ndani?

Awiriwa sanali anthu. Anali ankhondo a m'makatuni a ku Japan, aja amati anime, ndipo sanakumanepo, poti aliyense anali m'filimu yakeyake ya wolemba wakewake. Amene anawabweretsa mu ufumuwo anali Lameki Chadzunda, mwini shedi ya vidiyo kuseri kwa ogulitsa kaunjika. Ankakhala pambali pa sikirini, maikolofoni m'manja, n'kumawerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi mwa zithunzi ndi kuwayankhulitsa ankhondowo Chichewa pomwepo.

Lameki anakhala zaka makumi awiri ndi zinayi ku maiko a chisanu, akutsuka mbale za anthu ena ndi kuwerenga mabuku amene eni ake anataya. Atabwerera anapeza laibulale imene anaphunziriramo kuwerenga ili malo omwera mowa, njanji itazulidwa n'kusulidwa makasu, ndipo mitengo ya mumsewu waukulu itasanduka makala kalekale. Anayang'ana zonsezo, nalumbira chinthu chimodzi: zivute zitani, sadzachokanso. Anali ataona anzake akuikidwa m'dothi lozizira ndi anthu anayi osadziwa n'komwe mfunda wawo. Iye ankafuna kudzagona kwawo, pakati pa anthu odziwa kulira.

Tisaganize kuti okangana a pa Tilipobe ankangolongolola. Anali ndi malamulo okhwima kuposa a khoti. Choyamba anali ndi makwerero: wankhondo wa khoma ndi amene nkhonya yake imagwetsa khoma, pamwamba pake wa nyumba, wa mzinda, wa phiri, kukwera mpaka wa nyenyezi ndi wa chilengedwe chonse. Kuti munthu akwere pamafunika zochita, zimene maso aona pa sikirini. Zonena, monga wankhondo akadzitama kapena mnzake akamutama, zinkalemera pang'ono, poti pakamwa sipalipira msonkho. Panalinso unyolo: ngati uyu anagonjetsa uyo, ndipo uyo anaphwanya phiri, ndiye kuti uyu ndi wa phiri ngakhale sanakhudzepo chulu.

A mbali ya Mokuzen anali ndi chochita chooneka. Munthu wawo anang'amba kontinenti pakati ndi lupanga, aliyense akuona. Ankamupempha Lameki aimitse filimu, n'kuika rula pa sikirini, kuyeza mng'aluwo poyerekeza ndi phiri lili pambali, phirilo poyerekeza ndi mtengo, mtengowo poyerekeza ndi msinkhu wa Mokuzen, kenako masamu a kalasi ya fomu folo. Vuto linali lakuti wojambula sankagwiritsa rula. Pa chithunzi china mng'aluwo unkameza nyanja, pa chotsatira hatchi inkaudumpha. Aliyense ankaimitsa pamene pamukomera.

A mbali ya Rendaro analibe chotere. Nkhonya yaikulu ya munthu wawo inangogumula kaphiri. Koma asanaiponye anafuula mawu, ndipo Lameki, tsiku loyamba kuonetsa gawo limenelo, anawamasulira kuti, "Nkhonya iyi itha kuphwanya dziko!"

Apa ndi pamene Chichewa chinawatchera msampha. Dziko liti? Lokhala ndi malire ndi mbendera, kapena lonse lozungulira ngati mpira? Pa makwerero awo mawu amodziwo anali pawiri, kontinenti ili pakati. Ngati ndi dziko la mbendera, Rendaro ali pansi pa Mokuzen. Ngati ndi dziko la mpira, ali pamwamba kutalitali. Akafunsidwa chifukwa chake nkhonya ya dziko lonse inangogumula kaphiri, a mbali ya Rendaro ankati munthu wawo mphamvuyo amaiunjika pamalo amodzi kuti asaphe osalakwa. A mbali ya Mokuzen ankati ndiye nawonso agogo awo ndi a nyenyezi, kungoti amaunjika.

Lameki sanaulule. Zoona zake, kopi imodzi inalemba mawu otanthauza dziko la mbendera, kopi ina la mpira, ndipo Chijapani iye sankachidziwa ngakhale moni. Komanso mkanganowo ndi umene unkadzaza mabenchi.

Tsiku lina m'mawa galimoto ya zokuzira mawu inazungulira msika. Mwini Dziko, Mfumu Ndinendekha Wachiwiri, inati galimotoyo, wamva ndi chisoni kuti anthu ake akuyeza mphamvu za alendo ojambulidwa pomwe mphamvu zenizeni zili pakhomo. Choncho kwakhazikitsidwa Bwalo la Masikelo, ndipo bambo Lameki Chadzunda akaonekere Lachinayi kukaika Mwini Dziko pamalo pake. Aliyense woika Mwini Dziko pansi pa wina, wamoyo kaya wojambulidwa, adzachotsedwa m'dziko.

Delesi, msuweni wake wa Lameki amene ankagulitsa kaunjika pakhomo penipeni pa shedi, sanasiye n'komwe kupinda malaya.

"Mwakwezedwa pantchito, asuweni. Ndikusungireni jekete? Ili ndi ubweya m'kati, kumene mukubwerera kuja kumazizira."

"Sindikubwerera kulikonse, iwe."

"Ndiye mukanene kuti ndi wosayezeka. Basi. Sikelo yathyoka, munthuyu wakula. Muwombe m'manja, mubwere kuno."

"Wosayezeka si khwerero. Ndi mawu a anthu amene agonja pa mkangano."

"Ha! Imvani amuna anga osakwatira awa. Mwagona ndi njala zaka zingati kunja kuja kuti mudzafere katuni?"

"Si katuni, ndi ndondomeko."

"Ndondomeko ndiyo adzakuphikireni? Tamverani, ine anthu amandifunsa tsiku lililonse kuti diresi iyi ikundikhala? Ndimayankha kuti ngati anakusokerani. Sindinathamangitsidwepo."

Lameki anaganiza usana wonse, naona kuti Delesi wanena zoona. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wake sunali waukulu choncho. Lachinayi anavala jekete ya ubweya ija, imene Delesi anamubwereka monyoza, napita ku nyumba yachifumu ndi mawu amodzi okha m'kamwa: wosayezeka.

Bwalo linakumana m'chipinda chimene kale chinali nyumba ya malamulo. Mipando ya aphungu anaichotsa kuti mpando wa Mfumu ukwane. Mfumuyo inali munthu wamfupi wa mawu aang'ono, ndipo mapazi ake sankafika pansi, choncho panali nduna yapadera yoyang'anira kampando ka mapazi. Woyendetsa mwambo anali a Vomerani, Nduna ya Matamando, amene anatha sabata yathunthu akuonera anime kuti aphunzire malamulo, ndipo anawaphunzira monga mmene mbala imaphunzirira loko.

Anayamba ndi kuwerenga lamulo latsopano: kuyambira lero, mawu akuti dziko, akanenedwa za Mfumu, atanthauza dziko lonse la mpira, nyanja ndi zam'kati mwake. Nduna zonse zinawomba m'manja.

"Tsono umboni woyamba," anatero a Vomerani. "Alakatuli amatcha Mwini Dziko kuti Gwedezadziko. Nyimbo ya fuko, ndime yachitatu, imati akatsokomola dziko limanjenjemera. Ndime imeneyi ndinalemba ndine, ndiye ndikuidziwa bwino. A Chadzunda, lembani."

Lameki akanangogwedeza mutu. Koma munthu amene wakhala zaka zisanu ndi zitatu akuweruza mikangano pa benchi ali ngati telala woona msoko wokhota pa malaya a mlendo: dzanja limapita lokha.

"Pepani a Nduna, zimenezo ndi zonena. Zonena zimadikira zochita. Rendaro amene uja, anthu akhala akumukana zaka zonsezi chifukwa chomwecho."

A Vomerani anamwetulira, poti anali atakonzeka. "Ndiye tipite ku unyolo. Chaka chatha Mwini Dziko anagwirana chanza ndi mtsogoleri wa dziko lina lalikulu, lokhala ndi mabomba otha kupsereza mpira wonsewu. Chithunzi chilipo. Amene anayamba kubweza dzanja ndani? Mlendo uja. Wobweza dzanja wagonja. Mlendo amalamula mabomba, mabomba amaposa dziko, Mwini Dziko anaposa mlendo. Unyolo wakwana."

Mfumu inayang'ana dzanja lake lamanja mwachikondi.

"Unyolo ulipo, a Nduna," anatero Lameki, "koma umaduka. M'filimu ya Rendaro muli mtsikana woimba chitoliro amene sangagwetse ngakhale mpanda wa udzu. Anamugoneka Rendaro tulo pakati pa nkhondo, namulanda lamba. Mtsikanayo anagonja kwa chimphona china chogontha, poti sichinkamva chitoliro. Chimphonacho Rendaro anachikomola ndi nkhonya imodzi. Tsono wamkulu ndani? Unyolo wazungulira, walumana mchira. Kugonjetsa munthu si kulanda mphamvu zake. Nthawi zina ndi kungokhala mankhwala a matenda ake."

"Ife sitikunena za zitoliro."

"Chabwino. Koma mukaulandira unyolo, umakoka mbali zonse." Apa Lameki anamva mawu a Delesi m'khutu, koma lilime linali litatsetsereka kale. "Pa chikondwerero cha zaka khumi ndi zisanu za ufumu, anthu tonse tikuona, mavu amodzi analowa m'kolala ya Mwini Dziko. Mwini Dziko anatsika pa nsanja liwiro, nasiya chipewa. Mavu anatsala pa nsanja. Mwa unyolo wanuwu, mavu aja ndi a dziko la mpira. Ndiponso kalonda amene anawapha ndi nyuzipepala ndi wa nyenyezi."

M'chipindamo munazizira. Nduna ya kampando inayang'anitsitsa kampando kake ngati ikukaona koyamba.

"Chimenecho ndi chapatali," anatero a Vomerani msangamsanga. "Malamulo anu omwewo amatero. Mokuzen anazinda mphezi, ndiye kuti ali ndi liwiro loposa mphezi, koma gawo lina azakhali ake anamugenda ndi nkhwaira n'kumupeza pamphumi. Anthu saiwerenga nkhwairayo. Amati ndi chapatali, choseketsa chabe."

Lameki anachita chidwi, ndipo m'mtima anamupatsa ulemu mdani wake. "Mwaphunzira, a Nduna. Koma chinthu chimakhala chapatali chikatalikirana ndi zinzake. Mokuzen anazinda zinthu makumi asanu, nkhwaira ndi imodzi, ndiye timataya nkhwaira. Ngakhale pamenepo pali bodza lake, poti munthu yemweyo wa liwiro la mphezi anathamanga magawo atatu kuti akafike kumudzi woyandikana nawo ukupsa. Wolemba amamupatsa liwiro la tsikulo, malinga ndi kumene nkhani ikufuna kupita. Koma Mwini Dziko nkhondo yake yolembedwa ndi imodzi yokha. Tikataya mavu, m'mbale simutsala kanthu."

Pamenepo Mfumu inayankhula koyamba, ndipo mawu ake anali a mwana amene anzake amusiya kunja kwa masewera.

"Ndiye iwe ukuti zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pampando, ndilibe chochita ngakhale chimodzi?"

Khomo linali ili, lotseguka. Lameki anagwada, nakonza milomo. Wosayezeka, Mwini Dziko. Sikelo ya anthu ndi yaing'ono.

"Dikira," inatero Mfumu. "A Vomerani andiuza mmene mumayezera. Mumaimitsa chithunzi nkhonya isanagwe, n'kuimitsanso itagwa, n'kuona kusiyana. Si choncho? Iweyo unachoka bambo anga akulamula, wabwera ine ndikulamula. Zithunzi ziwiri zonse uli nazo m'mutu. Anthu enawa anaona pang'onopang'ono, sangadziwe. Yeza."

Pa moyo wake wonse palibe amene anamufunsapo Lameki funso limeneli. Atabwera, anthu ankangomufunsa ngati wabweretsa galimoto. Zithunzi ziwirizo anali atazinyamula yekha zaka zisanu ndi zitatu, ndipo woyamba kupempha kuziona anali mwini nkhonya.

"Chithunzi choyamba," anatero pang'onopang'ono. "Sitima ya pamtunda inkafika Lachiwiri ndi Loweruka, ndipo anthu ankakonzera mawotchi pa kulira kwake. Chipatala chachikulu chinali ndi mabedi, mabediwo anali ndi matiresi. Nkhokwe za boma zinali zisanu ndi imodzi, zodzaza. Pa mtsinje wa Wolokani, kumalire kuja, panali mlatho. Mwana wa mlimi ankalowa m'laibulale wopanda nsapato n'kutuluka ndi buku. Chithunzi chachiwiri, tsegulani zenera."

Palibe anatsegula.

"Mokuzen anang'amba nthaka, koma gawo lotsatira anthu anali akulima m'mbali mwa mng'alu. Inu simunasiye mng'alu, Mwini Dziko. Mapiri ali chiimire, ndiye mumaunjikadi mphamvu pamalo oyenera. Ndipo si zonena izi, ndi zochita, mboni ndi aliyense wa kunjaku. Munaphwanya dziko osadzuka pampando."

A Vomerani anatseka maso, kudikira mphezi. Koma nkhope ya Mfumu inawala ngati ya mkwati.

"Mwamva? Osadzuka pampando! Lembani zimenezo. Rendaro uja amachita kufuula kaye." Inatembenukira kwa Lameki, mapazi akuvina m'malere. "Ndiye ndine wa dziko. Mwa zochita."

"Mwa zochita, Mwini Dziko."

"La mpira."

Akanati inde, akanapita kwawo ndi mendulo. Anali atanena kale choopsa, ndipo chinalandiridwa ndi manja awiri. Chotsala chinali kabodza kakang'ono ka katswiri. Koma anakumbukira maiko a chisanu aja, kumene sitima zinkayendabe ndipo dzina la Ndinendekha palibe analimvapo.

"La mbendera, Mwini Dziko. Kutsidya kwa Wolokani nyale zikuyaka."

"Ndiye kuti Mokuzen wa kontinenti uja..."

"Ali pamwamba panu khwerero limodzi."

Mfumu inalira. Inaliradi misozi, ndipo nduna zinalira nayo mwa dongosolo la maudindo. Chigamulo chinalembedwa tiyi asanazizire: Lameki Chadzunda, chifukwa chochepetsa kukula kwa chiwonongeko cha Mwini Dziko, achotsedwe m'dziko la Mfumu dzuwa la mawa lisanalowe.

Anamukweza pa lole ya asilikali m'mawa mwake. Podutsa pa Tilipobe, Delesi anathamangira loleyo, naponya thumba la mbatata zootcha.

"Mawu amodzi okha, asuweni! Mawu amodzi munalephera!"

"Ndinanena ambiri."

"Ndi chimenecho! Jeketeyo musaigulitse, si yanu!" Anatembenuka msanga, ndipo Lameki anaona kuti akupukuta m'maso ndi siketi yogulitsa.

Njira yonse Lameki ankayang'ana dothi lofiira, midzi, mbuzi, amayi osenza mitolo, ngati munthu woloweza ndakatulo mayeso ali mawa. Anadzitukwana m'zinenero zitatu. Anthu amathamangitsidwa chifukwa cha ndale, chifukwa cha chikhulupiriro. Iye yekha m'mbiri ya anthu ankachoka kwawo chifukwa cha khwerero limodzi.

Pa mtsinje wa Wolokani, pamene panali mlatho, panali bwato ndi kanyumba ka malata. Mkulu wa pachipatapo anali Kaputeni Mwalimba, munthu amene anakhalitsa pantchito chifukwa chowerenga pepala lililonse kawiri. Anawerenga chigamulo. Kenako anatsegula kabati, natulutsa lamulo la dzulo lija limene linafika ndi lole yomweyo, naziika pambalipambali.

"Bambo Chadzunda, khalani pansi. Pali vuto."

"Vuto ndine, bwana. Bwato ndi ilo."

"Ayi. Pepala ili likuti ndikuchotseni m'dziko la Mfumu. Pepala ili likuti dziko la Mfumu ndi mpira wonse. Ndikakuwolotsani n'kulemba kuti ndakuchotsani, ndiye kuti ndasaina ndi dzanja langa kuti dziko la Mfumu limathera pamadzi apa. Ameneyo ndi mlandu wanu uja. Bwato lotsatira ndidzakweramo ndine, kupita uko."

"Ndiye mutani?"

"Ndilemba kalata."

Kalatayo inayenda masabata atatu, ndipo ofesi iliyonse imene inafikamo inadwala malungo. Wina ku likulu anati yankho n'losavuta: kuchotsa munthu pa dziko la mpira ndi kumupha. Anaitana wonyonga, nkhalamba imene inali isanagwire chingwe chiyambire chingwecho kubedwa. Nkhalambayo inafunsa funso limodzi, kuti mtembowo akauika kuti. Akaukwirira, ndiye kuti munthuyo sanachotsedwe m'dziko, walowetsedwa m'kati mwenimweni. Akautaya m'nyanja, lamulo linati nyanja ndi zam'kati mwake. Nduna ya Zamlengalenga inafunsidwa za roketi, niyankha kuti ndege yokhayo ya ufumu ili ndi njuchi m'injini.

Lameki ankagona m'kanyumba ka malata, akusewera bawo ndi Kaputeni, osadziwa ngati akudikira bwato kapena chingwe.

Amene anapeza njira anali a Vomerani, ndipo anaipeza m'makatuni momwemo. Filimu za anime zambiri zimachokera m'mabuku a zithunzi. Opanga filimu akamupeza wolemba buku asanamalize, amapeka magawo awoawo oti anthu aziona podikira: Rendaro apita kukawedza, Rendaro amenyana ndi mfiti imene m'buku mulibe. Okangana a pa Tilipobe ankawatcha magawo amenewa zophatikiza, ndipo lamulo lake linali lachidule. Zophatikiza timaonera, koma sitiwerenga. Wankhondo ataphwanya dzuwa m'gawo lophatikiza, mawa lake amakhalabe wa phiri.

Galimoto ya zokuzira mawu inazunguliranso. Bwalo la Masikelo, inati, lapeza kuti munthu wotchedwa Lameki Chadzunda m'nkhani yeniyeni ya ufumu mulibe. Ndi wophatikiza. Kubadwa kwake, kubwera kwake, ndi zonse zimene ananena pamaso pa Mwini Dziko sizikuwerengedwa. Poti mulibe, wachotsedwa kale, ndipo chigamulo chakwaniritsidwa. Mwini Dziko ndi wa mpira, ndipo akuganiziridwa za nyenyezi.

Kaputeni anamubweza pa lole yomweyo, koma sanamulembe pa mndandanda wa katundu.

Lameki anatsegula shedi yake Lolemba masana, ndipo anthu anadzaza mpaka ena kukwera pa matumba a makala panja. Anaika gawo la nkhonya ya Rendaro. Pofika pa mawu aja, anaimitsa filimu, nagwira maikolofoni ndi manja awiri. Anazindikira kuti mu ufumu wonse munthu womasuka ndi iye yekha. Wosakhalapo sangamangidwe, ndipo womumvera sanamve kanthu.

Ananena zonse. Anaulula kuti Chijapani sachidziwa ndipo dziko la Rendaro silidziwika. Kenako anatchula nkhokwe zisanu ndi imodzi ndi kumene chimanga chinapita, anatchula amene anagula njanji pa kilo, amene amagona pa matiresi a chipatala. Apolisi anayi anali pa benchi yakutsogolo, ndipo mmodzi anaseka mpaka kutsamwa ndi nzimbe. Anthu anawomba m'manja, amayi analulutira, wina anafuula kuti, "Bwerezani ya matiresiyo!" Lameki anabwereza. Anayang'ana nkhope zawo kufuna kuona ngati pali wina amene nsagwada zauma, amene atuluke osaseka. Filimu itatha anatuluka onse akukangana kuti mavu aja, kunena zoona, ayenera kukhala a kontinenti.

Anatsala yekha ndi mabenchi. Delesi analowa kudzatenga jekete yake, naifufuza m'matumba, nainunkhiza.

"Mwaiwononga ndi utsi wa asilikali. Koma mwalankhula bwino lero, asuweni. Ine mpaka tsitsi linaima."

"Ndiye anthu atani?"

"Abweranso mawa. Akuti mudzanene ya ndege."

"Sindikufunsa zimenezo, iwe."

"Ndikudziwa chimene mukufunsa." Anaipinda jeketeyo bwinobwino, manja m'kati. "Kale tikamva zoona tinkaopa, ndiye tinkadziwa kuti ndi zoona. Panopa atiuza kuti n'zaulere."

Lameki anakhala pa benchi. Kunja ogulitsa tomato ankaitanira, wina ankakhoma malata, fumbi lofiira linkalowa pansi pa chitseko. Kwawo kunali kuno, ndipo panalibenso munthu pa mpira wonse amene akanatha kumuchotsako.

"Delesi, nanga ndikadzafa? Kumanda kumafuna kalata ya boma."

"Musadandaule, tidzakumba. Palibe adzatiletse kukwirira munthu woti kulibe. Mudzagona pafupi ndi amalume, ndipo anthu adzabwera ambiri, kuposa a Mfumu. Ine ndidzalira mpaka mawu kutha."

"Zoona?"

"Zoona, asuweni. Tidzaonera tonse." Anaika jekete pamkono, nakankha chitseko ndi phazi. "Kungoti sitidzawerenga."